Ndakhala ejenti wa ndalama za pafoni, koma masitepe aja sindidzawaiwala

Layini ya uejenti yatuluka, ndipo tsopano ndikugwira ntchito pawindo la kuchipinda chochezera kuno ku Bangwe. Ndimayenda pa njinga ya olumala, choncho ndinkafuna geni yoti makasitomala azindipeza okha.

Zofunika zinali zochepa: chiphaso cha unzika, zithunzi, fomu ndi mpamba. Chinandiwawa ndi tsiku lopereka fomuyo. Kondakitala wa minibasi anandilipiritsa mipando iwiri, wina wa njinga. Nditafika ku ofesi ya kampani ya mafoni, ndinapeza kuti olemba maejenti ali m'mwamba, chikepe palibe. Mlonda akuti, "Achimwene, dikirani pompo, atsika." Ndinakhala padzuwa kuyambira 9 koloko mpaka atapita kukadya nkhomaliro, ndipo atatsika anangondiuza kuti fotokope ya chiphaso ikufunika mbali zonse ziwiri. Tsiku lonse kuthera pepala limodzi! Imbani foni kaye, mufunse ngati ofesi ili pansi komanso ngati angatume munthu wawo kudzaona malo kwanu. Ine zoti zimenezi zimatheka ndinazimva mochedwa.

Za mpamba. Ndinayamba ndi K200,000, ndipo K120,000 ndinaika mufoni ngati floti, K80,000 ndinasunga m'manja. Munthu akamatapa, mumamupatsa ndalama za m'manja, floti imakwera. Akamaika, floti imatsika, za m'manja zimachuluka. Kuno ambiri amatapa zomwe abale awatumizira, moti tsiku lina kumapeto kwa mwezi anthu anayi okha anandimalizira K80,000 yonse dzuwa lisanafike pamutu. Ndalama zili mufoni mbwee, koma wobwera ndikumubweza. Ejenti woyenda amangothamangira ku Limbe kukasintha. Nanga ine?

Anandipulumutsa ndi mayi a okala oyandikana nafe. Madzulo amandipatsa ndalama zomwe agulitsa, ine n'kuwatumizira zomwezo pafoni, iwo n'kukalipirira katundu kuholoselo osanyamula ndalama m'minibasi. Ngati kuyenda kumakuvutani, pezani munthu wotere musanatenge n'komwe fomu.

Ndaiwala, pawindo ikani zitsulo, ndipo kabokosi ka ndalama kakhale pomwe dzanja lanu likufika koma wa panja sakukaona. Wina anabwera n'kundionetsa uthenga pafoni yake kuti watapa kale K30,000. Kwanga sikunalowe kanthu. Musamakhulupirire foni ya kasitomala, muziona balansi yanu musanawerenge ndalama, ndipo muzilemba m'kope nambala ndi ndalama zake nthawi yomweyo.

Komishoni pa munthu mmodzi ndi yochepa, simungadalire yokhayo miyezi yoyamba. Ine ndaonjezera kugulitsa mayunitsi ndi kutchaja mafoni, ngakhale magetsi akazima kutchajako kumaima. Layini ya kampani inayo ndikuifunanso, koma ulendo uno ndiimba kaye, ndifunse za masitepe.