Kontena ku Beira, mapepala ku China: momwe ndidatulutsira katundu wathu

Ndimagwira ntchito m'shopu ya zipangizo zomangira kwa Malangalanga, ndipo mapepala a katundu wochokera kunja amadutsa pa tebulo langa. Pali zikalata zitatu zomwe onyamula katundu amapereka: bilu ovu ledingi, yomwe tonse timangoti biyelo, siiweyibilu, ndi eyaweyibilu. Ziwiri zoyambazo ndi zapanyanja, chachitatucho ndi cha ndege. Zonse ndi lisiti losonyeza kuti wonyamula walandira katundu, zonse ndi umboni wa mgwirizano wonyamulira. Zimasiyana pa funso limodzi: katundu akafika, wonyamula amupereka kwa yani, ndipo ayamba waona chiyani?

Ndiyambe ndi kontena ya matayilosi ya mafiti 20 yomwe tidagula ku Foshan, mzinda wa ku China. Mtengo unali madola 18,000. Tidagwirizana kuti tipereka 30 peresenti poyamba, omwe ndi madola 5,400, ndipo otsala 12,600 tidzapereka tikaona kuti katundu wakwera sitima. Wogulitsayo tinali tisanachitepo naye malonda, choncho adasankha biyelo. Ndikanakhala iye ndikanachitanso chimodzimodzi.

Biyelo imatuluka nthawi zambiri m'makope atatu enieni, ndipo pamalembedwa kuti ndi angati, mwachitsanzo 3/3. Amene wagwira kope lenileni ndiye amene ali ndi mphamvu yotenga katunduyo padoko. Kampani ya sitima ikalandira limodzi mwa atatuwo n'kupereka kontena, awiri enawo amatha ntchito. Zili ngati kakhadi kamene amakupatsani mukasungitsa njinga kumsika: mlonda sayang'ana nkhope, amafuna kakhadi. Ndiye wogulitsa akasunga makope onse atatu mu ofesi mwake, kontena ikhoza kufika ku Beira koma siituluka mpaka ndalama zake zitalowa.

Sitima isananyamuke adatitumizira dalafuti kuti tiyione. Apa ndi pamene ndimakhala pansi ndi cholembera, chifukwa kukonza cholakwa biyelo itatuluka kale kumalipitsa, komanso zolembedwazo n'zimene zimalowa mu manifesiti, mndandanda wa katundu yense wa m'sitima womwe a kasitomu amawerenga. Ndidafananitsa nambala ya kontena, nambala ya silo yotsekera kontenayo, kulemera ndi chiwerengero cha makatoni ndi zomwe zinali pa invoyisi ndi pa pakingilisiti, pepala losonyeza zomwe zalongedzwa. Kenaka ndidaona mabokosi awiri omwe amatikhudza kwambiri ife a dziko lopanda nyanja. Doko lotsitsira linali Beira, koma pali bokosi lina la malo operekera katundu. Mukalembedwa Lilongwe, kampani ya sitima ndiyo ikonza thiraki mpaka kuno. Mukalembedwa Beira, kuchokera padoko n'zanu, ndipo pazioneka mawu osonyeza kuti katunduyo akungodutsa ku Mozambique, akupita ku Malawi. Yathu inkathera ku Beira, thiraki tidapeza tokha.

Bokosi la wolandira katundu, konsayini, ndilo limauza mtundu wa biyelo. Mukalembedwa dzina la kampani yathu lokha, katundu ndi wathu basi, sitingamusamutsire kwa wina pongosayina. Mukalembedwa mawu akuti TO ORDER, biyeloyo imasamutsika: mwini wake amasayina kumbuyo n'kupereka kwa wina, ndipo katundu amasintha manja sitima ikadali pakati pa nyanja. N'chifukwa chake mabanki amaikonda. Pa malonda a kalata ya ngongole ya ku banki, biyelo imalembedwa kuti katundu aperekedwe molamulidwa ndi banki, ndipo banki imasayina kumbuyo mukamaliza nayo. Malamulo a mabanki a UCP 600 amati, ngati kalatayo sinanene zina, wogulitsa apereke mapepala ku banki pasanathe masiku 21 kuchokera tsiku lokweza katundu. Ife sitidadzere njira imeneyo. Yathu inali ndi dzina lathu, koma kope lenileni linkafunikabe.

Sitima itanyamuka, kope lojambula la biyelo lidafika pafoni. Pepala limeneli limakusangalatsa koma silitsegula geti. Limathandiza ejenti kuyamba kukonza mapepala a kasitomu, ndipo ndilo ndidapita nalo ku banki pamodzi ndi invoyisi kukapempha madola 12,600 aja. Aliyense wochita malonda kuno akudziwa mmene ndalama zakunja zikuvutira. Pempho lathu lidakhala pamzere, sitima ikuyandikira.

Ejenti wathu wa ku Kanengo, bambo wachikulire amene wakalambira pa ntchitoyi, adandiimbira.

"Achemwali, sitima ija ikufika sabata ya mawa. Ma orijino ali kuti?"

Ndidawauza kuti akadali ku China, ndalama sizinatuluke.

"Ndiye zikangotuluka musawauze kuti atumize mapepala. Muwauze apange telekisi. Mapepala akauluka kubwera ku Lilongwe, inu mudzawatumizanso ku Beira, ndipo masiku aulere akudyeka."

Masiku aulere ndi omwe kampani ya sitima imalola kuti kontena yake ikhale m'manja mwanu osalipira. Akatha, imawerengera tsiku lililonse, mu madola, ndipo doko nalo lili ndi mtengo wake wosungira. Kwa ife masikuwo amafupika msanga, popeza thiraki iyenera kuchoka ku Beira, kudzera ku Tete, kulowa pa chipata cha Dedza, kutsitsa kuno, kenaka kubweza kontena yopanda kanthu.

Telekisi rilizi imayenda chonchi. Wogulitsa akalandira ndalama zake amabweza makope onse atatu ku ofesi ya kampani ya sitima kwawo komweko. Ofesi imeneyo imauza ofesi ya ku Beira kuti kontena iperekedwe kwa konsayini popanda kuonetsa pepala. Pali kandalama kolipira, ndipo muyambe mwagwirizana kuti alipira ndani. Chenjerani ndi chinthu chimodzi: wogulitsa akhoza kukutumizirani chithunzi cha biyelo chodindidwa kuti SURRENDERED, koma chidindo chokha si umboni. Umboni ndi wakuti ofesi ya padoko lofikira ikuona chilolezocho mu kompyuta mwake. Ndidapempha ejenti kuti afunse ku Beira ndi nambala ya biyelo, ndipo atatsimikiza m'pamene tidalipira zofunika padoko n'kulandira chikalata chotulutsira kontena. Tidapyola masiku aulere pang'ono, tidalipira, koma osati mmene zikanakhalira tikanadikira envelopu.

Kope lenileni likasowa panjira nkhani imakula. Kampani ya sitima singangokukhulupirirani, chifukwa wina akadzabwera nalo pepalalo mawa, mlandu ndi wake. Imafuna kalata yolonjeza kuti mudzasenza zotsatira zonse, kawirikawiri yotsimikiziridwa ndi banki, pa ndalama zoposa mtengo wa katunduyo. Ngati muyenera kutumiza makope enieni, musaike onse atatu mu envelopu imodzi.

Kontena yotsatira kwa wogulitsa yemweyo tidalipira yonse isanakwere, popeza madola adapezeka nthawi yabwino. Apa panalibenso chifukwa choti iye agwire kanthu, ndiye ndidapempha siiweyibilu. Imaoneka ngati biyelo, mabokosi ake ndi omwewo, koma pamwamba pamalembedwa NON-NEGOTIABLE. Palibe kope lenileni loti liperekedwe. Kampani ya sitima imapereka katundu kwa amene dzina lake lili m'bokosi la konsayini, akangosonyeza kuti ndi iyeyo, kapena kwa ejenti amene ali ndi kalata yake. Simudikira envelopu, simulipira telekisi. Ndi yabwino pamene ndalama zalipidwa kale, pamene ogulitsa ndi ogula akhulupirirana kwa zaka, kapena pamene kampani ikutumiza katundu ku nthambi yake yomwe. Imathandizanso pa maulendo aafupi, monga kuchokera ku Durban kupita ku Beira, pomwe sitima imafika mapepala asanafike.

Ili ndi malire ake. Simungagulitse katunduyo ali panyanja posayina kumbuyo kwa pepala. Ndipo kwa amene mukutumiza kunja nandolo, soya kapena mtedza, ganizirani bwino: mukapereka siiweyibilu wogula asanalipire, katundu akafika adzangotenga. Pali mbali inanso yokhudza ife ogula. Pa siiweyibilu wotumiza amakhala ndi ufulu wosintha dzina la wolandira mpaka katundu atatsala pang'ono kuperekedwa, pokhapokha atalemba kuti wausiya ufuluwo. Ine ndimapempha kuti mawu amenewo alowe ngati talipira zonse.

Eyaweyibilu ndidakumana nayo pamene mota ya makina athu odulira matayilosi idapsa, ndipo yatsopano idabwera pa ndege. Apa palibe kusankha, katundu wa ndege amayenda pa eyaweyibilu basi, ndipo khalidwe lake ndi la siiweyibilu: siisamutsika, ndipo si chikalata cha umwini. Chifukwa chake n'chodziwikiratu. Ndege imafika m'masiku owerengeka, palibe nthawi yoti pepala lizungulire m'mabanki. Ya pepala imakhala ndi makope atatu otchedwa enieni, lobiriwira la kampani ya ndege, lapinki la wolandira, labuluu la wotumiza, koma kusunga labuluulo sikuletsa katundu kuperekedwa. Lapinkilo limayenda ndi katundu yemweyo. Wogulitsa amene akufuna chitetezo amalemba banki ngati konsayini, ndipo wogula amatenga katundu ndi kalata ya banki yomulola.

Nambala yake ili ndi manambala 11. Atatu oyamba ndi a kampani ya ndege, monga 071 ya Ethiopian Airlines kapena 706 ya Kenya Airways. Lomaliza ndi loyesera: mukagawa asanu ndi awiri apakatiwo ndi 7, chotsala chizikhala nambala yomalizayo. Mwachitsanzo pa 071-12345675, mukagawa 1234567 ndi 7 patsala 5. Munthu akakuwerengerani nambala pafoni ndipo siikugwirizana chonchi, walakwitsa penapake.

Nambala yomwe wogulitsa adandipatsa ine inkayamba ndi zilembo, ndipo pa tsamba la kampani ya ndege sinkaoneka. Ejenti adaseka. "Imeneyo ndi hausi, achemwali. Afunseni masitala." Mota yathu idaphatikizidwa ndi katundu wa anthu ena ndi kampani yosonkhanitsa katundu. Kampani ya ndege idapereka eyaweyibilu imodzi yaikulu, masitala, kwa osonkhanitsawo, ndipo iwo adapereka yaing'ono, hausi, kwa mwini katundu aliyense. Ndege imadziwa masitala yokha, ndipo wolandira wake ndi ejenti wa osonkhanitsawo kuno. Zomwezi zimachitika panyanja mukagula malo ochepa m'kontena ya anthu ambiri: telekisi ya pa hausi siikwana ngati masitala sinamasulidwe.

Nditapeza nambala ya masitala ndidaona kuti katundu watera kale pa bwalo la ndege la Kamuzu. Ejenti wa osonkhanitsa adatipatsa hausi yathu titalipira zake, ejenti wathu adalowetsa dikilaleshoni mu ASYCUDA, makina a kompyuta a kasitomu a MRA, pamodzi ndi invoyisi, tidalipira msonkho, ndipo ndidapita ku Lumbadzi ndi kalata ya kampani ndi chitupa changa. Ndisanasayine ndidazungulira bokosi kuona ngati laphwanyika kapena lanyowa. Pa katundu wa ndege, malamulo a mgwirizano wa Montreal wa 1999 amapereka masiku 14 okha olembera dandaulo la katundu woonongeka kuchokera tsiku lolandira, ndipo chilichonse chooneka ndi maso ndi bwino chilembedwe pa pepala lolandirira pomwepo, wogwira ntchito m'nyumba ya katunduyo akuona.