Sabata ya anthu oona dziko ngati maloto

Lolemba m'mawa, mzere usanatalike, analowa mayi wa zaka za m'ma 30, wogulitsa kaunjika, atatsagana ndi mchemwali wawo. Buku lawo lakuchipatala linali litadzaza. Malungo anayezedwa katatu m'miyezi iwiri osapezeka, magazi anali okwanira, shuga ali bwinobwino. Nditawafunsa chimene chawabweretsa, anayamba ayang'ana pansi.

"Adokotala, musandiseke. Ndikakhala mumsika, mtima umangoyamba kuthamanga, kenako zonse zimaoneka ngati si zenizeni. Anthu ndikuwaona, koma ngati ali kuseri kwa galasi. Mawu awo amamveka patali. Ndalama ili m'manja, koma manjawo ngati si anga. Kodi ndayamba misala?"

Ife a matenda a maganizo timatchera khutu ku liwu limodzi m'madandaulo oterewa, liwu lakuti "ngati". Munthu akati manja ali ngati si ake, akudziwa bwino kuti ndi ake, ndipo chikumuopsa ndi chakuti akuwamva mwachilendo. Wodwala misala yeniyeni sanena choncho. Iye amatsimikiza kuti anthu amusinthira manja, kapena kuti amene wakhala pambali pake si m'bale wake koma wina wovala nkhope yake, ndipo ungamuuze bwanji samva. Mayiwa ankadziwa tsiku, malo ndi mtengo wa belo limene anaoda. Ndinawauza mosazungulira kuti iyi si misala, ndiponso sisanduka misala. Ndi nkhawa yafika pachimake.

Thupi likaganiza kuti pali choopsa limatulutsa m'magazi timadzi tolikonzekeretsa kuthawa kapena kulimbana, totchedwa adirenalini. Mtima umathamanga, munthu amapuma mofulumira komanso mokoka kwambiri, nthawi zambiri osazindikira. Wamkulu atakhala phee amapuma ka 12 mpaka ka 20 pa mphindi, koma mantha akamugwira amapitirira pamenepo. Kupuma kotere kumataya mpweya wa kaboni dayokusaidi wochuluka kuposa umene thupi likupanga, ndipo mpweyawu ukachepa m'magazi mitsempha ya mu ubongo imafinyikako pang'ono. Apa ndi pamene pamachokera chizungulire, chifunga m'maso, ndi dzanzi la m'milomo ndi m'zala. Pamwamba pa izo, ubongo ukathedwa nzeru ndi mantha umachepetsa mamvedwe ake. Ndi zomwe zimachitikira munthu wopulumuka pangozi ya minibasi, amene amati zonse zinkachitika ngati akuonera kanema. Kwa mayiwa chitetezo chomwecho chikuyaka popanda ngozi. Mantha otere amafika pachimake m'mphindi pafupifupi 10, ndipo kawirikawiri amakhala atatsika pakatha theka la ola, ngakhale munthu asachite kanthu. Chifungacho chikhoza kutsalira maola angapo.

Lachiwiri linapita ndi odwala obwereza mankhwala, kupatula mnyamata wa sekondale amene anasuta chamba kamodzi ndi anzake, nagwidwa mantha aakulu usiku womwewo. Patha milungu itatu, chamba chinatuluka kale m'mutu, koma akuti dziko silinabwererebe. Amadzuka m'mawa n'kuthamangira pagalasi kukaona ngati nkhope ikuoneka yake. Amadzitsina pamkono. Kudziyesa kumeneku ndiko kukusunga vutolo, chifukwa munthu akayang'anitsitsa dzanja lake kwa nthawi yaitali likhoza kuyamba kuoneka lachilendo, ndipo kwa munthu wamantha kale icho chimakhala umboni woti wawonongeka mutu. Tinagwirizana kuti asiye chamba, asiye zakumwa zopatsa mphamvu zimene amamwa powerenga usiku, azigona maola 8, ndipo galasi aziligwiritsa ntchito popesa basi. Abwerere kumpira ngakhale bwalo likuoneka ngati loto.

Lachitatu kunabwera chikumbutso chakuti si aliyense wonena mawu amenewa ali ndi nkhawa. Bambo wina anati zinthu zimamusinthira kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, nthawi zonse mofanana, kuyambira ndi fungo la chinthu chopserera ndi kanthu kokwera kuchokera m'mimba. Akazi awo anawonjezera kuti pa nthawiyo amangoti maso tong'o, akutafuna pakamwa popanda kanthu, sayankha, ndipo pambuyo pake sakumbukira. Umenewu ndi mtundu wa khunyu wosagwetsa munthu pansi, ndipo tinawatumiza kukaunikidwa za khunyu. Wa nkhawa amakumbukira zonse ndipo ukamuitana amayankha. N'chifukwa chake tisanatchule nkhawa timayeza kutentha kwa thupi ndi malungo, timaona ngati shuga sanatsike kwambiri, timayeza kuchuluka kwa magazi, timamvera mtima, n'kufunsa za mowa, mankhwala amene akumwa ndi kuvulala m'mutu. Munthu wotentha thupi amene wasokonezeka, wosadziwa kumene ali, ameneyo ndi wa changu, osati womuphunzitsa kupuma.

Lachinayi mayi a kaunjika aja anabweranso monga tinapanganirana, ndipo zinawagwira ali pabenchi panja. Mchemwali wawo anali akuwakupiza ndi chitenje uku akuti, "Kokani mpweya kwambiri, achemwali!" Aliyense amalangiza choncho, koma kukoka kwambiri ndiko kumawonjezera dzanzi. Mpweya wabwino suli woperewera m'thupi mwawo. Chofunika ndi kuchepetsa liwiro.

Tinawakhazika pampando, mapazi onse pansi, dzanja limodzi pamimba.

"Mayi, kokani ndi mphuno pang'ono chabe, ine ndikuwerenga mpaka 4. Tsopano tulutsani pakamwa pang'onopang'ono ngati mukuuzira phala la mwana, mpaka 6."

Ukatero umapuma ka 6 pa mphindi. Mphindi yoyamba anadandaula kuti akubanika, ndipo zimenezo timaziyembekezera, sitisiya. Kenako tinatulutsa maganizo awo kunja kwa thupi. Ndinawapempha atchule mokweza zinthu 5 zimene akuziona, ndipo anatchula sikelo, kalendala, ndowa yobiriwira, nsapato zanga ndi chitseko. Anagwira zinthu 4 n'kunena mmene zikumvekera, kuzizira kwa chitsulo cha mpando, mphonje za chitenje. Anatchula mawu 3 amene akuwamva. Botolo la madzi ozizira linawathandiza kuposa zonse. Patatha mphindi ngati 7 zala zinamasuka, ndipo anati chipinda chayandikirako. Za kupumira m'pepala la pulasitiki kapena m'thumba sitilangiza, chifukwa ngati vuto lili la mphumu kapena la mtima munthu akhoza kuvulala.

Anali atasiya kupita kumsika kwa milungu iwiri, benchi atasiyira mwana wa mlongo wawo. Kuthawa malo kumapepuza tsiku lomwelo, koma kumaphunzitsa ubongo kuti msika ndiwo mdani, ndipo mawa mantha amasamukira ku tchalitchi ndi m'minibasi. Tinalemba m'buku mwawo kuti ayambe ndi theka la ola m'mawa kusanadzaze, aziwonjezera tsiku lililonse, ndipo zikawagwira asachoke mpaka zitatsika. Kupuma kuja aziyeserera kawiri patsiku, mphindi 5, pa nthawi imene ali bwino, chifukwa njira yosazolowera siikumbukika mtima ukuthamanga.

Lachisanu mchemwali uja anabwera yekha kudzawapemphera mayi aja mankhwala okhazika mtima pansi otchedwa daiyazepamu, poti anathandizapo mnzawo wina. Ndinakana, ndipo ndinafotokoza chifukwa chake. Amatsitsadi mantha msanga, koma akamwedwa tsiku ndi tsiku kwa milungu ingapo thupi limawazolowera, ndipo powasiya nkhawa imabwerera ndi mphamvu, chifunga chija chili pomwepo. Mantha akamabwera pafupipafupi mpaka kuimitsa ntchito, timayamba mankhwala ena otchedwa fuluwoksetini, m'mawa uliwonse, titamuchenjeza wodwala kuti sabata yoyamba nkhawa ikhoza kukwerako ndipo phindu limaoneka pakatha milungu 4 mpaka 6. Ena amasiya msanga chifukwa palibe anawauza zimenezi. Amene chifunga sichikuchoka kwa miyezi, amene anakumana ndi nkhanza kapena ngozi yaikulu, ndi aliyense amene wayamba kuganiza zodzipha, timamuonanso mwamsanga n'kumutumiza kwa akatswiri, monga a ku chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba kapena ku St John of God ku Mzuzu.

Mayi a kaunjika sitinawayambitse mankhwala. Mchemwali wawo anati m'mawa womwewo mayiwo anakhala pabenchi kumsika mphindi 40, zinawagwira kamodzi, anagwira botolo la madzi n'kupitiriza kubweza chenji. Tawalembera kuti adzabwerenso pakatha milungu iwiri.