Andilembetse bodza m'dzina la wodwala? Ndakana

Sabata ino tinali pa kalikiliki wa kabuku ka pa 24 Malichi, tsiku lokumbukira chifuwa chachikulu. Ntchito yanga ndi yothandiza anthu amene anadwala kulemba nkhani zawo m'mawu awoawo. Lolemba ndi Lachiwiri zinali za nthawi zonse: mafomu a chilolezo, kumvetsera zojambula, kudikira ndalama ya thiransipoti yomwe mpaka lero sinatuluke. Ku Ndirande ndinapita pa ndalama yanga. Koma chimene chandikhalitsa pansi kuti ndilembe ndi cha Lachitatu.

Pali bambo wina wa ku Bangwe, wonyamula katundu mumsika wa Limbe. Nkhani yake analemba yekha m'kope la mwana wake, ine ndinangokonza mipumiro. Anafotokoza kuti tsiku loyamba kumwa mankhwala mkodzo unafiira, iye nkuganiza kuti ndi magazi. Anafotokoza za mfundo za m'miyendo zomwe zinkaphwanya, ndi dzanzi la m'mapazi. Kenako analemba chimene ambiri amabisa: m'mwezi wachitatu, chifuwa chitasiya, analeka kumwa kwa masabata awiri, chifukwa mankhwalawo ankamupatsa njala pomwe pakhomo panalibe ufa. Mlangizi wa zaumoyo ndi amene anakamupeza kunyumba nkumubweza. Pomaliza anati: "Makhololo anayera, sikelo inachoka pa 48 kufika pa 57. Koma thumba la makilo 50 sindingakwere nalo chitunda. Ndimachita befu."

Nkhaniyo itabwera kuchokera kwa abwana, ndime ya kuleka mankhwala inali itachotsedwa. Ya befu nayonso. M'malo mwake munali mawu akuti: "Tsopano ndili ndi mphamvu ngati kale." Ndinalowa mu ofesi mwawo nditanyamula kope lija.

"Bwana, mawu awa bambowa sananene."

"Mayi, kabukuka n'kolimbikitsa anthu. Mukufuna tiwaopseze?"

Magazi anandiwira. Nkhani ikayamba ndi "ine", wowerenga amakhulupirira kuti akumva munthu amene anadutsamo. Ukaikamo mawu ako, wamunamizira mwini nkhani, ndipo wanamiza wodwala amene adzawerenge ali pa benchi kudikira mankhwala.

Ganizirani wodwala ameneyo. Ali ndi miyezi 6 patsogolo pake: iwiri ya mankhwala amitundu inayi, kenako inayi ya mitundu iwiri. Mkodzo wofiira umabwera ndi rifampisini ndipo si woopsa. Kuphwanya kwa mfundo nthawi zambiri ndi pirazinamidi, dzanzi ndi isoniyazidi, ndipo kuchipatala amapereka vitamini B6 wothandiza dzanzilo. Munthu amene anawerenga kuti mnzake anaona zonsezi nkupitirira, sathawa zikamufika. Amene anangowerenga za kumwetulira amaganiza kuti iye yekha ndiye zamuvuta, kapena amulodza, nkutaya mapiritsi. Ndipo malo amene anthu amagwera ndi omwe aja anagwera bambo wa ku Bangwe, pamene thupi layamba kumva bwino tizilombo tisanathe. Ndime imene abwana anachotsa ndiyo yokhayo yochenjeza za dzenje limenelo.

Za befu nazonso n'zoona kwa ambiri. Chifuwa chachikulu chimatha kusiya zipsera m'mapapo ngakhale tizilombo titafa. Tikalonjeza mphamvu ngati kale, amene watsala ndi befu adzati achipatala anamunamiza.

Sikuti ine sindichotsa kanthu. M'kope lomwelo bamboyu analemba zotsatira za magazi a mkazi wake. Ndinamuuza kuti, "Bambo, iyi ndi nkhani ya mayi, si yanu," iye anavomera. Analembanso kuti kusanza kukakula uzingolimba mtima. Pamenepo tinakambirana, chifukwa kusanza kosalekeza kapena chikasu m'maso kungatanthauze kuti chiwindi chavulala, ndipo munthu ayenera kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo. Anasintha yekha chiganizocho. Masiku ndi manambala ndinazitsimikiza m'kabuku kake ka kuchipatala, ndipo nkhani yonse ndinamuwerengera mokweza asanasaine. Chimene anasainira ndi chimenecho, osati chokongoletsedwa mu ofesi.

Chiyembekezo chinalimo kale m'nkhani yake. Chili pa sikelo ija, pa makhololo oyera, pa mlangizi amene sanamukalipire, pa kabenchi ka tomato komwe watsegula m'malo monyamula matumba.

Lachinayi ndinamuimbira foni nkumuwerengera zomwe abwana alemba. Anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Achemwali, anzanga mumsika amandiona ndikupumira m'njira. Akawerenga zimenezo adzati ndagulidwa." Ndinamulimbikitsanso kuti akaonetse befuyo kuchipatala.

Lachisanu ndinalembera abwana kalata: nkhaniyo ituluke momwe mwini wake anavomerezera, apo ayi ichoke m'kabukumo. Kabukuko kakupita kosindikiza Lolemba, ndipo yankho sindinalandire.