Milomo ikhale chete, ntchito ndi ya lilime ndi kukhosi

Ndimaphunzitsa kuwerenga Kurani pa madarasa ena kuno ku Dedza, mmawa amayi ndi abambo ochepa amene ali ndi mpata, masana ana akaweruka ku sukulu mpaka nthawi ya magharibi ikayandikira. Sabata yathayi ndinaimitsa zoloweza masura atsopano chifukwa palibe phindu mwana kufika kutali ndi juzu koma Fatiha yomwe amawerenga pa swala iliyonse ikutuluka yopindika, ndiye tinakhala pa zilembo zovuta zija basi, zolemera ص ض ط ظ ndi ziwiri za pakhosi ع ndi ح.

Lolemba ndinangomvetsera. Aliyense amawerenga Fatiha payekha ine ndikujambula mawu pa foni, osamudula. Zimene ndinamva ndi zomwe ndimamva chaka ndi chaka, alihamudu, naabudu, swiratwa, anaamuta. Ana athu si ogontha ndipo si ulesi ayi, khutu la munthu wokulira mChichewa likamva liwu lachilendo limathamangira liwu lakwathu loyandikana nalo nkulipereka kukamwa. Tangoonani maina amene timaitanana tsiku ndi tsiku, Asani, Useni, Amidu, onsewa ku Chiarabu amayamba ndi ح koma ife tinachichotsa kalekale, Usumani, Abudu ndi Ali amayamba ndi ع ndipo Saidi ali nacho pakati, sitichitchula olo pang'ono. Pa dzina palibe vuto, munthu akuyankha ndithu, koma chizolowezi chomwecho chimalowa mu kuwerenga.

Lachiwiri linali la ص ndipo apa ndi pomwe ndimataya nthawi yambiri dala. Ife tili ndi swa, twa, dwa mchilankhulo chathu, kuswa, kudwala, ndiye tikamva Mwarabu akutchula chilembo cholemera khutu limati eee apa pali w, basi milomo kutsogolo. Nzoona liwu limamveka ngati lalemera, nchifukwa chake zimanamiza, mpaka timanena kuti swala, swadaka, twahara ndipo nanenso pocheza ndimatero, ngakhale maina a zilembozo tinazolowera kuti swadi, dwadi, twaa. Koma kulemera kwenikweni sikuchokera ku milomo. Nsonga ya lilime imakhala pafupifupi pomwe imakhala pa sa wamba, chimene chimasintha ndi kumbuyo kwa lilime, kumakwera nkubwerera cha kukhosi, lilime nkuphimba kumwamba kwa kamwa liwu nkutsekeredwa mkatimo. Milomo ilibe ntchito. Imazungulira pokhapokha chilembocho chili ndi dama, u uja, ndipo pamenepo ikuzungulira chifukwa cha u osati chilembo.

Ndinabweretsa kagalasi kakang'ono kometera ndevu. Mtsikana wina wa sitandade 6, wochangamuka kwambiri pa kuloweza, ndinamuuza kuti amwetulire pang'ono milomo ikhale yotambasuka, ayang'ane pagalasi, anene saa wopepuka kenako wolemera milomo isasunthe. Poyamba onse awiri amatuluka ofanana ndendende, chifukwa ndamulanda w amene amadalira ndipo lilime silinadziwe chochita, iye mpaka kukhumudwa kuti “Aphunzitsi, ndiye ndilemeretsa ndi chani?” Ndinamuuza kuti asiye kaye chilembo, angonena aaa, kenako akokere lilime kumbuyo ngati akufuna kuyasamula kwinaku liwu likutuluka, amve mmene a akusinthira kukhala wakuya. Atamupeza a ameneyo ndipamene tinaika s kutsogolo kwake. Njira imeneyi imandithandiza kwambiri, kuyambira pa a kubwerera ku chilembo, chifukwa khutu limagwira msanga kusintha kwa a kusiyana ndi kwa s. Chenjezo lake ndi loti a asafike pa o, ena amathawa swa nkugwera so, soo, ndipo pagalasi muona milomo yayambanso kuzungulira.

Sitinayambe ndi liwu la siraata la mu Fatiha ngakhale ndi lomwe timalifuna. Pamenepo ص ili ndi kasira, i uja, ndipo i amakokera lilime kutsogolo pomwe chilembo chikufuna kumbuyo, nkovuta kwa woyamba. Tinayamba ndi samadi wa mu sura ya Ikilasi poti pali fataha, a uja, kenako mawu awiri oyandikana, سيف lupanga ndi صيف nyengo yotentha, ine kutchula limodzi iwo atatembenuka osandiona pakamwa nkukweza dzanja lamanja kapena lamanzere. Amene sakusiyanitsa ndi khutu sindimukakamiza kutchula, angolimbikitsa cholakwika.

Lachitatu ط, ndipo apa Chichewa chimatithandiza ngati mphunzitsi wazindikira. Ife timasiyanitsa t wa tola ndi th wa thumba, wina alibe mpweya wina ali nawo. Ana ambiri ukawauza kuti chilembo ichi ncholemera amaganiza kuti kulemera ndi mpweya wambiri ndiye amati tha, siraatha, pomwe zili mosemphana. Chopepuka chija ت ndicho chimatuluka ndi kampweya pang'ono, osafika pa th wathu koma kalipo, pomwe ط mpweya umatsekeka. Ndinang'amba pepala la mkope aliyense kagawo kake, kuligwira patsogolo pa milomo, pa تين nkhuyu pepala ligwedezeke pang'ono, pa طين dothi lisagwedezeke. Ndiye malangizo anga amakhala achidule, tenga t wa tola, onjezera a wakuya wa dzulo uja, milomo chete. Ambiri anachipeza tsiku lomwelo, ichi ndiye chosavuta pa zinayi zonse kwa ife.

Za ظ tinangodutsa, vuto lake lalikulu ndi loti ana amabisa lilime kuseri kwa mano nkutulutsa z, pomwe nsonga iyenera kukhudza kunsonga kwa mano akumwamba akutsogolo, ena amachita manyazi kuonetsa lilime pamaso pa anzawo. ض ndinaisiya dala, imeneyo imatuluka mmbali mwa lilime pokhudza mano a chibwano akumwamba ndipo imafuna sabata yakeyake.

Lachinayi mmawa kunazizira mwa ku Dedza kwenikweni, nkhungu itaphimba phiri lonse, amayi atafunda zitenje ziwiriziwiri, ndipo kuzizirako kunandigwirira ntchito pa ح. Ndinawapempha kuti auzire mpweya mmanja mmene timachitira tikafuna kufunditsa zala, kukamwa kotsegula, haaa. Kenako abwereze koma afinye pang'ono pakati pa khosi kuti mpweya udutse popapatiza, umveke wakuthwa koma woyera. Zilembo za pakhosi zilipo 6 ndipo zili pawiripawiri, pansi penipeni ء ndi ه, pakati ع ndi ح, pamwamba cha kufupi ndi kamwa غ ndi خ. Kulakwa kwa ح kumapita mbali ziwiri. Ukatsika umapeza h wofewa wa hema kapena hotelo, mpweya wambiri wopanda kufinya, umatha msanga. Ukakwera umayamba kukhulula ngati ukuchotsa makhololo, pamenepo walowa خ, ndipo anyamata amakonda zimenezi poganiza kuti phokoso ndiye Chiarabu. Chizindikiro chake nchosavuta, ح weniweni alibe kukanda kulikonse ndipo ukaika chala pakholingo sipanjenjemera.

Ndimawaonetsa chifukwa chake ndi sura ya Kausara, yaifupi imene aliyense amaidziwa. Mawu omaliza a ndime yachiwiri وانحر akulamula kupereka nsembe yozinga chiweto, koma ukafewetsa nkukhala ه wanena kuti kalipira. Ndi chimodzimodzi عليم wodziwa zonse ndi أليم chopweteka, kusiyana kwake ndi chilembo choyamba chokha.

Pali bambo ena achikulire amalima kachewere cha kumtunda uko, akhala akuswali kuyambira ine ndisanabadwe, ndiye atamva zimenezi anakhala chete kenako anati “Mwana wanga, ndiye kuti zaka zonsezi ndimangonena zina?” Zinandikhudza kwambiri. Ndinawayankha kuti “Ayi bambo, inu mumawerenga mmene munaphunzitsidwira ndipo lero mwabwera kudzakonza, musadandaule,” ndipo ndinawakumbutsa hadisi yodziwika ija yoti wowerenga Kurani movutikira akudodoma ali ndi malipiro awiri. Munthu wamkulu sindimuwongola pagulu, tinakhala panja padzuwa awiriwiri ena atapita.

Ndi iwowo ndinayamba ع. Malo ake ndi omwewo a ح, kusiyana nkoti pano liwu limayaka, chala pakholingo chimve kunjenjemera. Ndiye timayamba ndi ح wautali amene amupeza kale, osasintha kafinyidwe, nkuyatsa liwu pakati. Ndimaphunzitsa ali ndi sukuni kaye, kutanthauza kuti palibe a, i kapena u pambuyo pake, a kutsogolo kenako ع, chifukwa pamenepo khosi limamveka bwino pamene lafinya. Zolakwika zake ndi zitatu zimene ndimaziyembekezera. Ena amangotalikitsa a, naabudu mmalo mwa نعبد. Ena amatseka khosi kotheratu liwu nkuduka, imeneyo ndi hamuza ء, pomwe ع liwu limapitirira pang'ono silidukiratu. Ena amalipititsa mmphuno, ndipo kuyesa kwake nkutsina mphuno uku ukutchula, likasintha ndiye kuti likudutsa kolakwika. Palinso vuto lathu lija loti mChichewa liwu lililonse limathera pa a, e, i, o kapena u, ndiye sukuni timamuonjezera kanthu, alihamudu, anaamuta. Pa أنعمت ndimawadulira pawiri, an kuima kaye lilime lili pa n, kenako ع ndi fataha nkutseka milomo pa m osaika u, kenako ta.

Bambo aja ح anamupeza bwinobwino, pa alhamdu ndi pa rahiimu akumveka. ع anatuluka kangapo ali yekha koma akamulowetsa mu نستعين amathawa, poti pamenepo ali ndi i wautali. Anayamba kutsokomola ndiye tinasiya, khosi likayamba kuwawa kapena mawu kusasa ndiye kuti munthu akukankha ndi mphamvu mmalo mofinya pang'ono, kupitiriza pamenepo nkungoononga. Ndinawauza mphindi zochepa mmawa ndi madzulo, madzi ofunda pafupi, osati ola lathunthu.

Lachisanu tisanapite ku juma ndinajambulanso gulu la mmawa, ana ndinawajambula madzulo, nkuwamvetsera za Lolemba ndi za tsikulo motsatizana. Mtsikana uja w wachoka pa samadi, pa siraata amabwerera akathamanga, akawerenga modekha palibe. Anyamata awiri asiya kukhulula pa ح koma tsopano atsikira ku h wofewa, tiwakweza pang'onopang'ono. Ana aang'ono a kaida, buku loyambira kuphunzira zilembo, ndiwo andidabwitsa, ع akungomutola pomvera osafuna kufotokozeredwa za lilime, ndiye ndaganiza kuti gulu limenelo ndizilipatsa zilembo za pakhosi msanga asanaloweze sura iliyonse. Bambo aja ndawatumizira mawu pa foni ya mdzukulu wawo, ndime yachisanu yokha ya Fatiha yowerenga pang'onopang'ono, ndipo Lolemba likubwerali tikuyamba ض ndi liwu lomaliza la surayo.