Lachitatu: ndapempha abwana andilipirire zoyezetsa maso

Kuno ku Leeds, ku England, mdima wayamba kugwa msanga, moti ikamakwana 4 koloko timakhala tayatsa kale magetsi mu ofesi. Nthawi imeneyi ndi imene maso anga amavuta kwambiri. Ntchito yanga ndi yolowetsa ma invoisi mu kompyuta, pa masikirini awiri, kuchokera m'mawa mpaka kuweruka. Masana akamapita, manambala amayamba kuoneka mwachimbuuzi, 3 ndi 8 kukhala ngati chinthu chimodzi, ndipo m'maso mumathwanikira ngati mwalowa mchenga. Ndikavala magalasi anga owerengera zimakhalako bwino pokhapokha nditasendeza nkhope pafupi ndi sikirini, ndiye pofika madzulo khosi limakhala litauma gwa.

Pa nthawi ya chakudya chamasana lero ndinakhala pansi n'kulemba imelo yopita kwa abwana anga ndi ku ofesi yoona za ogwira ntchito. Ndisanalembe ndinabwereka tepi yoyezera, n'kukhala pampando mmene ndimakhalira masiku onse, mnzanga wa desiki yoyandikana nane n'kundiyeza kuchokera padiso kufika pa sikirini. Anapeza masentimita 68. Buku kapena foni munthu amaigwira pa masentimita 35 kapena 40, ndipo magalasi owerengera amapangidwira mtunda umenewo. Sikirini ili patali kuposa buku, koma si kutali ngati chikwangwani cha pamsewu. Munthu akapitirira zaka 40 diso limayamba kulephera kusintha lokha kuti lione zapafupi, ndiye mtunda wapakatiwu ungafune magalasi akeake, ochepa mphamvu poyerekeza ndi owerengera.

Ambirife ochokera kumudzi timaopa kupempha zoterezi, timaona ngati tikupempha chifundo kapena tioneka ovuta. Koma kuno ndi lamulo. Dzina lake ndi Health and Safety (Display Screen Equipment) Regulations 1992, ndipo linayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 1993. Gawo 5 la lamuloli limati wantchito amene amagwiritsa ntchito sikirini pa mbali yaikulu ya ntchito yake akapempha kuyezedwa maso, womulemba ntchito akonze zimenezo ndipo alipire. Bungwe loona za chitetezo pa ntchito la HSE limafotokoza kuti awa ndi anthu amene amakhala pa sikirini tsiku ndi tsiku, ola lathunthu kapena kuposa osalekeza. Ogwirira ntchito kunyumba nawonso ali momwemo. Sipafunika kuti maso ayambe avuta kaye ndiye upemphe. Ndipo kuyezako ndi kwathunthu, kwa dokotala wa maso, woona mmene munthu akuonera komanso thanzi la disolo.

Pamutu pa imelo ndinalemba `DSE eye test request`, chifukwa zilembo zitatu za DSE, chidule cha Display Screen Equipment, ndi zimene a ku ofesi ija amazizindikira msanga. Kalatayo ndinalemba m'Chingerezi, koma mawu ake m'chinenero chathu ali chonchi:

"Bwana, ntchito yanga imandikhazika pa kompyuta pafupifupi maola 7 tsiku lililonse. Ndikupempha kuti mundikonzere zokayezetsa maso monga mwa gawo 5 la lamulo la 1992 loona za ogwira ntchito pa sikirini. Chonde ndiuzeni mmene kampani imachitira: kodi mumapereka vocha, muli ndi malo anu oyezetsera, kapena ndikalipire ndekha n'kubweretsa lisiti? Ngati dokotala atapeza kuti ndikufunika magalasi a pa sikirini, ndikupemphanso kuti mundiuze ndalama zimene kampani imalipira ndi pepala limene dokotalayo ayenera kusaina. Ndidikira yankho lanu ndisanapite kukayezetsa."

Basi, yathera pomwepo. Za mutu wopweteka ndi khosi louma sindinafotokoze zambiri, chifukwa pempholi silidalira kudandaula.

Chiganizo chomaliza chija ndi chimene ndimachiona chofunika kwambiri. Lamulo limasiyira wolemba ntchito kuti asankhe njira yake. Akhoza kukutumiza kwa dokotala amene anagwirizana naye, kapena kukupatsa vocha ya sitolo inayake ya magalasi. Ukathamangira kukayezetsa pawekha, n'kugula magalasi, kenaka n'kubwera ndi lisiti m'manja, angakuuze kuti iwo anali ndi njira yawo ndipo sunaitsate. Apa mkangano umakhala wovuta kuupambana. Kalata iyambe, yankho libwere lolembedwa, ndiye ulendo wa kwa dokotala utsatire.

Pa nkhani ya magalasi m'pamene anthu ambiri amakhumudwa, choncho ndi bwino kudziwiratu malire ake. Kampani imalipira magalasi pokhapokha ngati kuyeza kwaonetsa kuti akufunika makamaka pa mtunda wa sikirini, ndipo magalasi ako a masiku onse sangathandize pamenepo. Ngati amene umavala poyendetsa galimoto kapena powerenga akukwanira pa kompyuta, kampani siikakamizidwa kulipira, ngakhale utamawavala tsiku lonse ku ntchito. N'chifukwa chake ndinalemba masentimita 68 aja pakapepala n'kuika m'chikwama. Ndikukamuuza dokotala mtunda umenewo, ndiponso kuti masikirini ndi awiri oyandikana, kuti andiyeze pa mtunda weniweni wa ntchito yanga. Akapeza kuti ndikufunika a pa sikirini, alembe zimenezo momveka bwino, chifukwa popanda mawu amenewo a ku ofesi sangatulutse ndalama.

Ndalamazo ndi za felemu wamba ndi magalasi wamba okwanira ntchitoyo. Tiyerekeze kuti otsika mtengo oyenera maso anga ndi a mapaundi 60, koma ine ndakopeka ndi felemu yokongola ndi zopaka zochepetsa kunyezimira, zonse pamodzi mapaundi 110. Kampani ipereka 60, ndipo 50 yotsalayo ituluka m'thumba mwanga. Ine ndikuona kuti apa palibe chinyengo, bola munthu audziwe mtengo wa wambawo asanayambe kusankha mafelemu pagalasi.

Yankho linabwera ndisanaweruke. Amapereka vocha, ndipo anditumiziranso fomu yoti dokotala akadzaze, yokhala ndi malo ochonga ngati magalasi ali a pa sikirini okha. Anawonjezera kuti munthu woona za chitetezo adzabwera kudzaona desiki yanga, kutalika kwa mpando ndi kuwala kwa pawindo kumene kumagwera pa sikirini. Zimenezi zandisangalatsa, chifukwa mwina vuto lina lili pamenepo. A HSE amanena kuti sikirini siiwononga maso mpaka kalekale, koma imawatopetsa, ndipo imaonetsa poyera vuto limene linalipo kale. Ndasungitsa malo kwa dokotala Loweruka m'mawa.

Madzulo ndili m'basi ndinaimbira achemwali ena a kutchalitchi kwathu amene amayankha mafoni a makasitomala, maso ali pa kompyuta tsiku lonse. Atamva nkhaniyi anati, "Koma asisi, ine anandilemba ndi a ejensi, ndiye kalatayo ndipereke kwa ndani?" Ndinawauza kuti, "Achemwali, ngati amene anakulembani ntchito ndi ejensiyo, za kuyezetsa maso zili m'manja mwawo. A kumene mukugwirako ntchito udindo wawo ndi wa desiki, mpando ndi nthawi yopumira." Anandipempha mawu a kalata yanga, ndipo ndawatumizira usiku uno, nditachotsa maola anga kuti alembemo awo. Akuti mawa m'mawa apita ndi tepi ku ntchito.