Uthenga umene ndinaulemba katatu ndisanautumize pa LinkedIn

Ndagwira ntchito yotolera mayankho a kafukufuku m'midzi ya ku Dedza ndi ku Ntcheu kwa zaka zitatu. Ndimayenda khomo ndi khomo ndi tabuleti, kufunsa mafunso a pa pulogalamu ya kafukufuku yotchedwa KoboCollect, madzulo n'kutumiza zonse kulikulu. Ntchito zake n'zamakontilakiti: miyezi iwiri, itatu, kenako kukhala pakhomo. Mtima wanga unali wofuna kukwera, ndifike pokonza nawo mafunsowo. Ndiye pa LinkedIn ndinaona mayi wina amene amatsogolera kafukufuku pa bungwe lina ku Lilongwe. Sitinaonanepo. Pambali pa dzina lawo panalembedwa 2nd, kusonyeza kuti pali munthu mmodzi kapena angapo amene tonse tinalumikizana nawo pa LinkedIn, koma ine ndi iwo ayi.

Uthenga wanga woyamba ndinaulemba m'kope, m'Chingerezi monga timachitira pamenepa, koma apa ndiupereka m'chinenero chathu. Unayamba ndi moni wautali: ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi banja lonse, kuno Mulungu akutisunga. Kenako dzina langa, dipuloma yanga, maboma amene ndagwirako, kulimbikira kwanga pa ntchito. Pamapeto pake m'pamene panali nkhani: chonde mayi, ngati pali mwayi uliwonse wa ntchito mundikumbukire, siivi yanga ndili nayo.

Nditadina Connect kenako Add a note, kabokosi kake kanandiuza zoona. Amene sitilipira timapatsidwa zilembo 200 zokha, kuwerengera ndi mipata yomwe, pamene olipira Premium ali ndi 300. Moni wanga yekha anadya pafupifupi theka. Komanso m'kabokosimo simulowa fayilo, choncho za siivi zinathera pomwepo. Chinanso, ife osalipira mauthenga otere timaloledwa ochepa pamwezi, ndiye uliwonse ndi wosamala nawo ngati mchere wa kumapeto kwa mwezi.

Ulendo wachiwiri ndinangodula. Ndinachotsa banja, ndinachotsa maboma, n'kutsala ndi izi: "Moni mayi. Ndine wotolera mayankho a kafukufuku wa zaka zitatu. Ndimasirira ntchito yanu ndipo ndikufuna mwayi wa ntchito. Chonde tilumikizane." Unakwana m'kabokosi. Ndisanatumize ndinauonetsa mlongo wanga wamkulu, amene kuntchito kwawo amalandira makalata a ofuna ntchito. Anawerenga, n'kundibwezera foni.

"Achimwene, apapa mutachotsa mayiwa n'kuikapo munthu wina, chingasinthe n'chiyani?"

Palibe chimene chikanasintha. Uthengawo ndikanatha kuutumiza kwa anthu 50 osasintha ngakhale chilembo, ndipo wolandira amadziwa zimenezo akangoona. Anandionetsanso chinthu chachiwiri chimene chinandikhudza kwambiri. Ndinkapempha chinthu chimene mayiwo sangapereke pa foni. Ntchito za m'mabungwe amalengeza, pamakhala komiti ndi mayeso. Munthu ukamupempha chimene sangathe, umamusiyira ziwiri: akukanize, zomwe n'zowawa kwa munthu waulemu, kapena akhale chete. Ambiri amasankha kukhala chete, osati chifukwa cha nkhanza.

Choncho ndinasiya kulemba n'kuyamba kuwerenga. Ndinatsegula tsamba lawo, ndinapita pa Activity, ndinatsika pang'onopang'ono, bandulo ikutha. Ndinkafuna chinthu chimodzi chimene ntchito yawo ndi yanga zimakumanirana. Ndinachipeza pa zimene analemba milungu ingapo m'mbuyomo, zoti mabanja ambiri sayankha zoona pa funso la ndalama zimene amapeza pamwezi. Limeneli ndi bala langa. Ndakhalapo pamkeka ndi bambo amene amayankha bwinobwino za mbuzi, za matumba a chimanga, za ana asukulu, koma ndikangofika pa ndalama amayang'ana kumbali n'kuti, "Aaa, ife ndalama tiziona kuti." Ena amaopa kuti akanena zambiri achotsedwa pa mndandanda wa thandizo. Pa fomu yathu funsolo linali koyambirira, ndipo ndinkakayikira kuti malo akewo ndi amene amaononga.

Apa ndinali nalo funso lenileni, loti yankho lake ndikulifunadi, ndiponso loti iwo angayankhe m'mizere iwiri ali pa mzere wa kubanki. Uthenga wachitatu unatuluka chonchi:

"Mayi Uje, ndawerenga zomwe munalemba za mafunso a ndalama zapakhomo. Ndimatolera mayankho m'midzi ya ku Dedza ndipo funsoli anthu amalizemba. Inu mumaliika poyamba kapena kumapeto kwa fomu? Zikomo."

Chiganizo choyamba chikunena chifukwa chimene ndabwerera kwa iwo osati kwa wina. Chachiwiri chikundidziwitsa, koma kudzera m'vuto limene tonse tikulidziwa, osati m'mapepala a sukulu. Dzina langa sindinalilembe chifukwa limaoneka kale pamwamba pa uthenga pamodzi ndi chithunzi. Funso ndinalipanga la mbali ziwiri dala. "Mungandilangize bwanji pa ntchito yanga?" ndi funso lofuna ola lathunthu, pamene "poyamba kapena kumapeto" munthu amayankha asanaike foni m'thumba.

Moni ndiye anandivutitsa mumtima. Kwathu sulowa pakhomo pa munthu wamkulu osaodira, ndipo kuyamba nkhani wopanda "muli bwanji" ndinkaona ngati mwano. Ndinaganiza kuti ulemu ndiuike m'malo awiri otsika mtengo: "Mayi" ndi dzina la bambo awo kapena la banja monga lalembedwera pa tsamba lawo, osati dzina loyamba, ndiponso "Zikomo" kumapeto. Dzinalo ndinaliyang'ana kawiri kuti ndisaphonye chilembo. Ndimaonabe kuti kutchula zimene munthu analemba, moonetsa kuti unaziwerengadi, nakonso ndi kuodira.

Ndisanatumize ndinakonza kamzere ka pansi pa dzina langa, kamene pa LinkedIn amakatcha Headline, chifukwa kamaoneka limodzi ndi pempholo. Panali mawu akuti ndikufunafuna mwayi. Ndinalemba ntchito imene ndimagwira, ndi KoboCollect, ndi maboma awiri aja. Zimene ndinazichotsa mu uthenga zinapeza malo pamenepo.

Chenjezo limodzi kwa otumiza pa foni: nthawi zina ukadina Connect pempho limangopita lopanda mawu. Ine ndinalowa pa tsamba lawo, ndinadina timadontho titatu, n'kusankha Personalize invite. Likapita lopanda kanthu ukhoza kulibweza ndi Withdraw, koma LinkedIn imakudikiritsa mpaka milungu itatu usanatumizenso kwa munthu yemweyo. Ndipo kumwaza mapempho kwa anthu osakudziwa kuli ndi mtengo wake, chifukwa ambiri akasonyeza kuti sakukudziwa, akaunti yako ikhoza kuletsedwa kutumiza ena.

Ndinatumiza Lachiwiri m'mawa. Pa tsamba lawo panalembedwa Pending masiku anayi, ndipo sindinawasakesake pa WhatsApp kapena pa imelo ya kuntchito ngakhale mtima unkafuna. Loweruka anavomera, n'kuyankha mwachidule: funsolo amaliika chakumapeto, ndipo safunsa ndalama zopeza mwachindunji, amayamba ndi zimene banja lagula m'masiku 7 apitawo, monga mchere, sopo ndi ndiwo. Ndinathokoza m'mizere iwiri, osaphatikizapo siivi ngakhale tsopano njira yotumizira fayilo inali yotseguka. Ndinawauza kuti ndikapereka ganizoli kwa wotiyang'anira tisanayambe kafukufuku wotsatira, ndipo ndinapempha chilolezo choti ndidzawauze mmene mabanja a ku Dedza adzayankhire. Anayankha kuti, "Mudzandiuze ndithu."