Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Mafilimu amene ndinasankhira achimwene ali m'chikhakha

Achimwene anga aakulu atachita ngozi ya njinga yamoto n'kuthyoka mwendo, anadzakhala kwathu milungu 6 ali m'chikhakha, chifukwa kwawo kunalibe wowasamalira masana. Ntchito yawo inali ya kabaza, ndipo munthu wozolowera kukhala pamsewu kuyambira mbandakucha akamangidwa pampando, mtima wake suchedwa kuwawa. Chimene chinkawatonthoza ndi mafilimu, koma a mtundu umodzi wokha: a zibakera, mfuti ndi magalimoto othamangitsana, amene anakula nawo m'tinyumba toonetsera mavidiyo pamsika. Pofika sabata yachiwiri anali atamaliza onse amene anali mufoni yawo, ndipo anandiuza kuti, "Mphwanga, tandisakira china pa laputopu yakoyo." Ine ndinalibe filimu yomenyana ngakhale imodzi, chifukwa ndimakonda zija zoyenda pang'onopang'ono, zimene iwo ankazitcha mafilimu a pamaliro.

Ndinalakwitsa usiku woyamba womwewo, chifukwa ndinasankha filimu imene ndimaikonda ine, osati imene akanatha kuilowa iwo. Ndinaika Tokyo Story, filimu ya ku Japan ya mu 1953 imene anakonza Yasujiro Ozu, yonena za nkhalamba ziwiri zimene zikupita mumzinda kukaona ana awo, koma anawo atanganidwa moti makolo asanduka katundu. Ndinkaganiza kuti nkhani yotereyi Mmalawi aliyense aimva, popeza ife tomwe amayi akabwera kuchokera kumudzi timapatsirana ngati mbale yotentha. Komatu filimuyi ndi ya mphindi 136, kamera imakhala pansi pafupi ndi mphasa osasuntha pafupifupi filimu yonse, ndipo palibe munthu amene amanena poyera chimene akufuna. Patapita mphindi ngati 20, achimwene anafunsa kuti, "Kodi akita ndi uti apapa?" Nditayankha kuti mulibe akita mmodzi, anatenga foni yawo, ndipo posakhalitsa ndinamva mkonono.

Funso lawolo ndinagona nalo. Poyamba ndinkayesa kuti chimene wasowa munthu wokonda mafilimu omenyana ndi phokoso ndi magazi, koma nditakumbukira mmene ankaonera mafilimu awo, ndinaona kuti nkhonya zenizenizo sizinkawagwira kwambiri, moti nthawi zina ankayankha foni ndewu ili mkati. Chimene sankalola kuti chiwadutse ndi poyambira, pamene filimu imakuuza kuti munthu wako ndi uyu, wamulanda chakuti, ndipo akapanda kuchipeza msanga zinthu ziipa. Filimu yomenyana imapereka zinthu zitatuzi m'mphindi zoyambirira, ndipo woonera amakhala ndi chingwe chogwira mpaka kumapeto. Ndiye ndinasiya kufunsa ngati filimu ili yofulumira kapena yochedwa, n'kuyamba kufunsa ngati ndingathe kuifotokoza m'chiganizo chimodzi chokhala ndi munthu, chimene akufuna ndi chimene chikumutchinga. Ndinadziikiranso malire akuti isapitirire kwambiri ola limodzi ndi theka.

Imene inakwana muyeso umenewu ndi Bicycle Thieves, ya ku Italy ya mu 1948, yokonzedwa ndi Vittorio De Sica. Ndi yakuda ndi yoyera, mulibe mfuti, ndipo mbali yaikulu ndi bambo ndi mwana wake akungoyenda wapansi m'misewu ya mu Rome. Koma chithunzi choyamba chenicheni chimaika nkhani patebulo: Antonio, lova, wapeza ntchito yomata zikalata zotsatsa malonda pamakoma, ndipo wauzidwa kuti popanda njinga ntchito palibe. Njinga yake ili pa pinyolo, choncho mkazi wake akuchotsa nsalu zoyala pabedi n'kukazipinyolitsa kuti akaiwombole. Tsiku loyamba la ntchito, iye ali pamakwerero, mnyamata wina akuikwera n'kuthawa nayo.

Sindinawauze achimwene kuti ndi filimu yotchuka kapena kuti akatswiri amaitama, chifukwa mawu otero amamveka ngati mankhwala owawa amene ukuyenera kumwa. Ndinangoti, "Achimwene, munthu amubera njinga yogwirira ntchito, ndiye akuisaka." Vuto lina linali chiyankhulo, pakuti anthuwo amayankhula Chitaliyana ndipo mawu a Chingerezi olembedwa m'munsi ankathamanga kuposa mmene iwo amawerengera. Ndinakhala pambali pawo n'kumamasulira ngati anyamata aja amene amaika Chichewa m'mafilimu, koma ndinaphunzira msanga kunena zofunika zokha, chifukwa ndikamasulira liwu lililonse ndinkaphimba malo amene filimu ikufuna kuti munthu angoyang'ana nkhope ya mwanayo.

Chizindikiro chakuti filimu yagwira munthu wotere si kukhala chete, chifukwa chete akhoza kukhala tulo. Chizindikiro chake ndi kuyamba kukangana ndi anthu a m'filimumo. Antonio atafika pamsika pamene amagulitsa zipangizo za njinga, achimwene anadzuka pang'ono pampando n'kunena kuti, "Wachedwa ameneyu, aiphwasula kale, ayang'ane nambala ya pa felemu basi." Patapita kanthawi, anthu a m'filimumo anachitadi zomwezo pa felemu ina imene inali kupakidwa penti, ndipo iwo anandiyang'ana monyadira. Pamene bamboyo anamenya mwana wake mbama chifukwa chothedwa nzeru, anatukwana mokweza mpaka akazi anga anasuzumira kuchokera kukhitchini.

Mapeto ndiwo anatipatsa mlandu. Njinga siipezeka, Antonio mwiniyo amayesa kuba ya munthu wina, amagwidwa mwana wake akuona, ndipo mwini njingayo amamuleka chifukwa cha chisoni ndi mwanayo. Achimwene anakwiya kwenikweni, nati ndawataitsa nthawi, popeza kwa iwo filimu imene akita sabwezera ndiye kuti sinathe. Apa ndinaona malire a njira yanga: poyambira pomveka pamamulowetsa munthu, koma sipamamukonzekeretsa kutuluka chimanjamanja. Ndikanati ndichitenso, ndikanaisunga kuti ikhale yachiwiri kapena yachitatu.

Chotero yotsatira ndinasankha yokhala ndi wopambana, 12 Angry Men ya ku America ya mu 1957, ya mphindi 96, imene pafupifupi yonse imachitikira m'chipinda chimodzi. Amuna 12 osankhidwa kukagamula mlandu kukhoti ayenera kugwirizana onse ngati mnyamata wa zaka 18 anapha bambo ake, ndipo akamupeza wolakwa anyongedwa, kapena ndinene kuti aphedwa, popeza kumeneko ankagwiritsa ntchito mpando wamagetsi. Pa voti yoyamba 11 akuti ndi wolakwa, mmodzi yekha akukana. Mulibe kuthamangitsana, koma maonekedwe a nkhondo alimo onse, munthu mmodzi kulimbana ndi gulu, ndipo achimwene ankawerenga mavoti pa zala monga ankawerengera adani akugwa. Pamene wokanayo anatulutsa m'thumba mpeni wofanana ndendende ndi umene unaphera bamboyo, womwe ankati supezekapezeka, n'kuuzika patebulo, anawomba m'manja n'kunena kuti, "Akita ndi ameneyu." Ine ndinatuluka thukuta pomasulira, chifukwa filimuyi ndi mawu okhaokha, ndipo kangapo ndinaiimitsa kuti tigwirizane za umboni wa mayi wina wa magalasi amene ankati anaona kuphako.

Tokyo Story sindinaiyesenso. Chikhakha chitachotsedwa, achimwene anabwerera kwawo ndi ku mafilimu awo a zibakera, ndipo ngongole ya njinga yawo yophwanyikayo inali ikuwadikira, nkhani imene ndidzafotokoza m'gawo lotsatira. Tsiku lonyamuka, tikudikira minibasi, anandifunsa ngati filimu ya njinga ija ili ndi gawo lachiwiri. Nditati ilibe, anapukusa mutu nati, "Ndiye Lolemba lakelo mwana uja anadya chiyani?"